Chithunzi chimodzi, mayina atatu: njira zolembera mafunso a zithunzi m'Sitandade 1 ndi 2

Jambulani chipatso chofiira chija timathira m'ndiwo, mukachionetse kwa ana asanu a Sitandade 1 kuno ku Mulanje, n'kuwafunsa kuti, "Ichi n'chiyani?" Ena akuuzani kuti ndi matimati, ena akuti ndi tomato monga amamvera pamsika wa Chitakale kapena wa Limbuli, ndipo ngati pali mwana amene makolo ake anachokera kuchigawo chapakati, akhoza kunena kuti ndi phwetekere. Onsewo alondola. Tsono ngati pansi pa chithunzicho munalemba kuti mwana azungulize lembo loyamba la dzina lake, n'kuikapo m, t ndi k, mwakonza funso la mayankho olondola awiri, ndipo pochonga mulakwitsa mwana amene sanalakwe.

Funso limeneli ndinaliperekapo ndekha m'teremu yoyamba. Nditaona kuti ana ena odziwa bwino malembo azunguliza t, ndinawaitana mmodzimmodzi, ndipo aliyense ankandiyankha mosakayika kuti, "Ndi tomato, madamu." Kuyambira tsiku limenelo, ndisanasankhe mtundu wa funso ndimayamba ndadzifunsa kuti, mwana akalakwa pano, ndidziwa kuti chamukanika ndi kuwerenga, kapena ndi chithunzi changa? Ndi muyeso umenewu womwe ndikufuna tiyerekezere njira zimene ambirife timagwiritsa ntchito.

Chithunzi chimodzi, mawu atatu

Iyi ndi njira yomwe ndimaidalira kwambiri, ndipo ndikhalitsapo. Mumajambula chinthu chimodzi, pambali pake n'kulemba mawu atatu, mwana n'kuzunguliza ogwirizana ndi chithunzicho.

Ubwino wake waukulu ndi wakuti vuto la mayina ambiri lija limachepa. Ngati chithunzi ndi cha matimati ndipo pa mawu atatuwo palibe "tomato", mwana wowerenga amadzikonza yekha akaona "matimati". Komanso mukhoza kutchula dzina la chithunzi mokweza, "Apa pali moto, pezani mawu akuti moto", osaononga funso. Chomwe simuyenera kuwerengera ana ndi mawu atatu aja, chifukwa ntchito ya mwanayo yagona pamenepo. Aphunzitsi ena amaopa kutchula chithunzi poganiza kuti n'kuuzira. Si kuuzira ayi. Sitikuyesa ngati mwana amaudziwa moto. Anauwotha m'mawa womwewo kukakhala kwa chiperoni.

Povuta ndi posankha mawu awiri osocheretsa aja. Chiyambire Pulogalamu ya Kuwerenga ya dziko lonse mu 2016, ambirife tinazolowera kuphunzitsa malembo motsata ndondomeko, kuyambira aja timangowatchula kuti anikumeto: a, n, i, k, u, m, e, t, o. Mawu onse atatu a m'funso achokere m'malembo omwe ana afikapo. Mukaika "mbuzi" kapena "nkhwangwa" pambali pa "moto" m'teremu yoyamba, mwana amangoataya poona kuti ndi achilendo, n'kutsala ndi yankho asanawerenge kanthu.

Tsono taonani mafunso awiri awa, onse a chithunzi cha moto. Loyamba lili ndi moto, ana, uta. Lachiwiri lili ndi moto, mutu, mono. Pamaso amaoneka ofanana, koma akuyesa zinthu zosiyana kotheratu. Pa loyamba, mwana wodziwa lembo la m lokha wapata, chifukwa palibe mawu ena oyamba ndi m. Funso limeneli si loipa, ndi loyenera masabata oyambirira, bola mudziwe kuti layesa lembo loyamba basi, musalembe m'buku la malikisi kuti mwanayo akuwerenga mawu. Pa lachiwiri, mawu onse akuyamba ndi m, onse ali ndi malembo anayi, ndiye palibe njira yachidule. Ndipo kulakwa kulikonse kumakuuzani kanthu. Wosankha "mono" wawerenga phatikizo loyamba, mo, n'kuima pomwepo. Wosankha "mutu" waona m ndi t koma o ndi u akumusokoneza, kapena wangolota.

Kutalika kwa mawu nako kumaulula yankho. Mukaika makutu, ine, uta, mwana wochenjera amamva kuti "makutu" ndi dzina lalitali, n'kusankha mzere wautali. Muike makutu, makina, matuku ngati mukufuna kuyesadi, ngakhale ine sindikonda kuika mawu opanda tanthauzo monga lachitatulo pamaso pa ana ongoyamba kumene. Ndi bwino kufunafuna mawu enieni, monga "makina" ndi "maina", omwe ana amawamva tsiku ndi tsiku.

Tiyeni tiwerengere limodzi chitsanzo. Tiyerekeze kuti kalasi ili ndi ana 90, ndipo pa funso la moto, mutu, mono, ana 48 asankha moto, 30 mono, 12 mutu. Kungoyang'ana, munganene kuti oposa theka akhoza. Koma ana ongolota amagawikana pafupifupi mofanana pa mayankho onse atatu. Ngati 12 agwera pa mutu, n'kutheka kuti enanso ngati 12 agwera pa mono, ndi enanso 12 pa moto mwamwayi. Amenewo ndi 36. Pa mono patsala 18, omwe ndi aja owerenga phatikizo loyamba lokha. Mwana wotere alibe chosiyanitsira moto ndi mono, ndiye anzawo enanso ngati 18 agwera pa moto mwamwayi womwewo. Chotsani 12 ndi 18 pa 48, mutsala ndi 18. Ndiye kuti amene awerengadi mawu onse mpaka kumapeto akhoza kukhala 18 okha pa 90. Kuwerengera kumeneku n'kongoyerekeza, chifukwa ena mwa 12 aja asokonezeka ndi o ndi u osati kulota, koma kukukuuzani chochita Lolemba: kubwerera ku phatikizo lachiwiri, ana azilozera ndi chala mo, kenako to, asanatchule mawu onse. Funso la moto, ana, uta silikanakuuzani zimenezi.

Mawu amodzi, zithunzi zitatu

Apa mwatembenuza: mwana amawerenga mawu amodzi, n'kusankha chithunzi pakati pa zitatu. Njira imeneyi ili ndi mphamvu imene yoyamba ija ilibe. Mwana amayenera kuchoka pa malembo kukafika pa tanthauzo, monga zimakhalira powerenga nkhani yeniyeni, pomwe palibe wokuuza kaye mawu oti uwafunefune. Komanso mwana wamantha amaona mawu amodzi okha, osati mulu wa malembo, ndiye sataya mtima msanga.

Mtengo wake ndi wa zithunzi. Mafunso 10 akufuna zithunzi 30, ndipo chilichonse chiyenera kumveka bwino. Chimodzi chikasokoneza, funso lonse lagwa. Tengani mawu akuti "mano". Mukajambula mano okha opanda nkhope, ana ena sadziwa n'komwe kuti n'chiyani. Mukajambula nkhope yoseka, amati ndi kamwa, kapena munthu, kapena kuseka. Ziwalo za thupi zonse zili ndi vuto lomweli: mutu umatchedwa mwana kapena nkhope, makutu amatchedwa mutu. Kamuvi kolozera kamathandiza ana a Sitandade 2, koma ambiri a Sitandade 1 sanazolowere kuti muvi pa pepala umatanthauza "yang'ana apa". Ena amauona ngati ndodo kapena mkondo.

Pali msampha winanso. Kuti funso liyesedi kuwerenga, mayina a zithunzi zitatuzo ayenera kufanana pang'ono, monga moto, mutu, mono. Koma mono, msampha wa nsomba uja, mwana wa m'mbali mwa mtsinje wa Ruo akhoza kuuzindikira, pomwe wa m'malayini a pa esiteti ya tiyi ku Thyolo adzati ndi dengu. M'njira yoyamba "mono" anali mawu chabe osocheretsa, sanafunike kujambulidwa. Apa akufunika, ndipo akuvuta. N'chifukwa chake ine njira imeneyi ndimaisungira mafunso ochepa, atatu kapena anayi, a zinthu zomwe sizikanganitsa.

Funso la liwu: mwana sawerenga kanthu

Mphunzitsi amatchula liwu, /m/, ndipo mwana amasankha chithunzi chomwe dzina lake likuyamba ndi liwu limenelo. Imeneyi ndi njira yokhayo yoyenera mwana amene sanayambe kuzindikira malembo, chifukwa imayesa khutu. Koma ndi momwe vuto la matimati limaluma kwambiri, popeza zonse zadalira dzina lomwe mwana ali nalo m'mutu. Tambala kwa wina ndi nkhuku. Mphaka kwa wina ndi pusi. Kama ndi bedi. Mphika ndi poto. Chinanazi, chomwe ana athu amachidziwa bwino, ena amati nanazi. Njinga yokhala ndi khushoni kumbuyo ndi kabaza.

Mankhwala ake ndi amodzi: tchulani mayina onse atatu mokweza, kawiri, mukulozera, ana asanayankhe. Mukapanda kutero musalipereke funsoli. Ndipo pewani mawu oyamba ndi malembo ophatikizana. Mu "mbuzi", "mtengo" ndi "mwana" mwana samva /m/ woyera ngati wa mu "moto". Amamva mb, mt, mw zitakumbatirana. M'Chichewa mathu mayina ambiri a zinthu zojambulika amayamba motero, nkhuku, ng'ombe, nsomba, nthochi, mphasa, ndiye mudzapeza kuti mndandanda wa mawu oyenera ndi waufupi kuposa momwe mumaganizira. Galu, fulu, lamba, dilesi, bowa, sopo: sonkhanitsani anu m'kope pang'onopang'ono.

Kulumikiza ndi mizere, ndi kudzaza phatikizo

Kulumikiza zithunzi ndi mawu pojambula mizere ana amakukonda, ndipo kumasunga pepala. Koma pa zithunzi zinayi ndi mawu anayi, wodziwa atatu wachinayi amangopatsidwa, ndipo wolakwa kamodzi walakwa kawiri, chifukwa mzere umodzi ukasochera umalanda malo a unzake. Onjezerani mawu awiri opanda chithunzi, vuto loyambalo latha. Vuto lina, la mizere yopiringizana ya ana omwe dzanja silinakhazikike pa pensulo, silitha. Pochonga mudzakhala mukulondola mzere ndi chala. Ndi zabwino pa ntchito ya m'kalasi, osati pa mayeso.

Kudzaza phatikizo losowa, monga chithunzi cha makutu ndi ma__tu, n'kosiyana ndi zonsezi chifukwa palibe cholota. Mwana amene walemba ku waudziwadi. Koma mukuyesa zinthu ziwiri pamodzi, kumva phatikizo ndi kulemba, ndipo mwana amene amawerenga bwino koma akadali kutembenuza malembo adzaoneka ngati sadziwa. Sankhani musanachonge: k wolembedwa chagada mumulola kapena ayi? Ine ndimamulola pa mayeso a kuwerenga, n'kulemba dzina la mwanayo pambali kuti ndikamuthandize pa kulemba. Njirayi ndimaiyamba kumapeto kwa Sitandade 1.

Ana akafika pa ziganizo, chithunzi chimagwira ntchito yokoma kwambiri ngati ziganizo ziwirizo zili ndi mawu omwewo. Jambulani bambo atagwira lumo, ana awiri atakhala pansi, mulembe "Atate akumeta ana" ndi "Ana akumeta atate". Mwana wongosakasaka mawu omwe akuwadziwa adzapeza "ana" ndi "atate" m'ziganizo zonse ziwiri, ndiye sizimuthandiza. Ayenera kumva kuti akumeta ndani. Onjezerani chachitatu, "Atate akutuma ana", kuti kulota kuchepe.

Mayankho angati, ndipo kukhoza kuyambire pati

Pa mayankho awiri, mwana wosawerenga n'komwe amapeza pafupifupi 5 pa 10. Pa atatu amapeza 3 kapena 4. Pa anayi amapeza 2 kapena 3, koma kupeza mawu atatu abwino osocheretsa kuchokera m'malembo 9 n'kovuta, ndipo mzere wa mawu anayi umatopetsa mwana wa zaka 6. Atatu ndiwo amandikwanira.

Koma taonani izi, chifukwa ambiri timangotengera chizolowezi choti theka ndi kukhoza. Pa mafunso 10 a mayankho atatu, mwana mmodzi mwa asanu ongolota amafika 5 kapena kuposa. Amene amafika 7 kapena kuposa mwa kulota kokha ndi awiri okha pa 100. Choncho mwana wa 5 pa 10 sindimuika m'gulu la owerenga. Ndimamuitana n'kumupatsa mawu asanu pa kakadi, awerenge mokweza. Kuyambira 7 ndi pomwe ndimayamba kukhulupirira pepala.

Malo a yankho lolondola nawo musinthesinthe. Ana osawerenga amakonda mawu oyamba, kapena oyandikana ndi chithunzi, ndipo ife polemba timakonda kubisa yankho pakati. Mukamaliza kulemba, werengani: pa mafunso 10, yankho likhale poyamba katatu, pakati katatu, kumapeto kanayi, mosatsata ndondomeko yooneka. Pepala lomwe mwana wazunguliza mawu oyamba kuyambira pamwamba mpaka pansi musalichonge ngati mayeso. Likukuuzani kuti mwanayo sanayambe, kapena sanamve malangizo. N'chifukwa chake pamwamba pa pepala pamafunika funso limodzi lochitira limodzi, lopanda malikisi.

Chithunzicho chichokere kuti

Cha pa bolodi sichilira ndalama, koma m'kalasi ya ana ochuluka okhala pansi, akumbuyo amaona mizere yotuwa, ndipo mmodzi akafuula yankho onse alimva. Chodula m'nyuzipepala kapena chojambulidwa ndi foni chimakhala ndi zinthu zambiri: mukufuna khasu, koma muli mayi, mwana kumbuyo, munda ndi phiri, ndipo chikadutsa m'makina a fotokope chimasanduka chibanthu chakuda. Cha m'buku la ophunzira ana amachidziwa, koma ena analoweza tsamba lonse, moti akaona chithunzi amakumbukira mawonekedwe a mawu a pansi pake osawerenga. Chabwino ndi chojambula pamanja ndi cholembera chakuda chonenepa, mizere yokha, chopanda mthunzi, chinthu chimodzi chathunthu, chachikulu ngati bokosi la machesi kapena kuposerapo. Simufunika kukhala katswiri. Moto ujambulidwe malawi ndi tinkhuni tiwiri. Mukaonjeza mafuwa ndi mphika, ana adzati kuphika.

Chithunzi chilichonse chiyesedwe chisanalowe m'mayeso. Tengani ana asanu a kalasi ina ya msinkhu womwewo, mmodzimmodzi, kutali ndi anzawo, muwafunse kuti n'chiyani, osawathandiza. Anayi kapena onse asanu akatchula dzina lomwe mukufuna, chisungeni. Akatchula dzina lina la chinthu chomwecho, chigwiritseni ntchito m'njira yoyamba yokha, momwe inu mumatchula dzina. Akatchula chinthu china, kapena kungokhala chete, jambulaninso. Zimatenga mphindi 15 pa nthawi yopuma. Zithunzi zomwe zapambana ndimazisunga m'envulopu, kumbuyo kwake nditalemba mayina onse omwe ana anatchula, ndipo tikakumana ku TDC ndi aphunzitsi a m'zoni yathu timasinthana. Chomwe chadutsa ku Luchenza si nthawi zonse chimadutsa ku Muloza kapena ku Thekerani, ndiye wolandira amayesanso.

Ngati mukulemba pa kompyuta, samalani ndi a. Malembo ambiri a pa kompyuta ali ndi a wa denga, wosiyana ndi wozungulira amene timalemba pa bolodi, ndipo kwa mwana wa teremu yoyamba amenewo ndi malembo awiri osiyana. Andika, yomwe anaikonzera ongoyamba kuwerenga ndipo ndi yaulere, ili ndi a wozungulira. Comic Sans MS nayo ili naye. Malembo akhale akuluakulu, mafunso asanu pa tsamba, ndipo mzere wakuda ulekanitse funso ndi linzake kuti diso la mwana lisadumphire mawu a funso lapansi.

Pepala langa la kumapeto kwa teremu yachiwiri ya Sitandade 1 limakhala motere. Mafunso awiri oyamba ndi a liwu, mayina nditatchula, kuti ngakhale mwana wotsalira apezepo poyambira. Asanu otsatira ndi a chithunzi chimodzi ndi mawu atatu, awiri osiyana lembo loyamba, atatu a mtundu wa moto, mutu, mono. Atatu omaliza ndi a mawu amodzi ndi zithunzi zitatu. Ndimakonza mapepala amitundu iwiri, mafunso omwewo koma malo a mayankho atasinthidwa, n'kugawa mosinthanitsa kuti oyandikana asakopane. Pochonga sindilemba chonga ndi mtanda zokha: pa pepala lina ndimaika kandodo pansi pa yankho lililonse lomwe lasankhidwa, ndipo mayina a ana onse omwe agwera pa "mono" ndi anzake a mtundu womwewo amalowa m'gulu limodzi lomwe ndimakhala nalo pansi pa mtengo sabata yotsatira, ndi makadi a maphatikizo awiriawiri.